Sapulaya wakweza mtengo: mafunso ndi mayankho pa kafunsidwe kaulemu ndi kanenereredwe

Mafunso ali pansipa ndimawamva kawirikawiri kwa anzanga a magolosale, a malesitilanti ndi ophika mandasi. Ine ndimayendetsa kabekale kophika masikono ndi mabanzi, n'chifukwa chake zitsanzo zanga zambiri ndi za fulawa. Manambala ndasankha osavuta kuwerengera, si mitengo ya pamsika ya lero. Chofunika ndi kawerengedwe kake, ndipo kamagwira ntchito ngakhale mukuoda mafuta ophikira, simenti kapena chakudya cha nkhuku.

Kodi si mwano kufunsa sapulaya chifukwa chimene wakwezera mtengo?

Ayi. Mwano umabwera ndi kafunsidwe. Mukati, "Mwakwezeranji chonchi, mukufuna kutibera?" mwamuweruza kale munthuyo, ndipo chimene angachite ndi kudziteteza basi. Mukati, "Bambo, ndithandizeni kumvetsa chimene chakwera kuti nanenso ndidziwe powakwezera makasitomala anga," mwamuitana kuti mukhale pansi ngati anthu awiri amene akudya m'mbale imodzi.

Opikulitsa ambiri funsoli amaliyembekezera. Kasitomala amene amawapweteka ndi uja wongoti zii, n'kusiya kuoda osanena kanthu, iwo n'kudzamva mwezi wina kuti akugula kwina. Wofunsa akusonyeza kuti akufuna kukhalabe.

Ndisanamuimbire, ndikonzekere chiyani?

Tulutsani malisiti a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yapitayi, mukhale pansi ndi kope. Mukufuna kudziwa zinthu zitatu zokha, koma muzidziwe ndi manambala, osati ndi kukumbukira.

Choyamba, wakweza ndi zingati, komanso ndi maperesenti angati. Kwa ine thumba la fulawa la makilogalamu 50 linachoka pa K60,000 kufika pa K72,000. Kusiyana kwake ndi K12,000. Mukagawa K12,000 ndi mtengo wakale wa K60,000, n'kuchulukitsa ndi 100, mupeza 20 peresenti. Ambiri amalakwitsa pogawa ndi mtengo watsopano, ndiye amapeza nambala yocheperako ndipo amayamba kukambirana ataluza kale.

Chachiwiri, kukwerako kukudyerani zingati pa mwezi. Ine ndimatenga matumba 40 pa mwezi, choncho K12,000 ija inali K480,000 yotuluka m'thumba mwanga mwezi uliwonse. Nambala imeneyi ndi imene imakuuzani ngati nkhaniyi ndi yofunika ulendo wokakumana ndi mwini wake, kapena ndi yongoimbira foni.

Chachitatu, inuyo ndinu kasitomala wotani kwa iye. Mwakhala mukugula kwa nthawi yaitali bwanji, mumatenga katundu wochuluka bwanji, mumalipira pa nthawi yake kapena mpaka akukumbutseni kawiri. Apa dziuzeni zoona. Zimenezi ndi zimene mudzanenerere nazo, ndipo iye ali nazo kale m'buku lake.

Mukatha apo, funsani mitengo kwa opikulitsa ena awiri, pa katundu wa mtundu womwewo ndi kulemera komweko, ndipo mufunsitse ngati mtengowo ndi wokubweretserani kapena wokatenga nokha, wa kashi kapena wa ngongole. Mukapeza kuti onse ali pakati pa K70,000 ndi K73,000, dziwani kuti kukwerako kwachokera kumtunda, ndipo kulimbana kuti mubwerere pa K60,000 n'kutaya mpweya. Mukapeza ena ali pa K65,000, nkhani ndi ina.

Ndiyambe ndi mawu otani?

Yambani ndi moni weniweni, kenako tchulani manambala awiriwo, kenako funso limodzi. Musadandaule za fizi ya ana kapena lendi ya nyumba, pakuti nayenso ali nazo. Uthenga umene ndinatumiza unali wotere:

"Mwadzuka bwanji, bambo? Ndalandira uthenga woti thumba la fulawa lachoka pa K60,000 kufika pa K72,000 kuyambira Lolemba. Zikomo pondidziwitsa nthawi ilipo. Ndakhala ndikutenga matumba 40 pa mwezi kwa inu kwa zaka zitatu ndipo ndikufuna tipitirize. Ndimati ndipemphe, mungandithandize kumvetsa kuti pa K12,000 imeneyi, yochokera kufakitale ndi ingati, ya thiransipoti ndi ingati? Ngati muli ndi mpata mawa kapena mkuja, ndingabwere kwa kanthawi kochepa kuti tikambirane."

Onani kuti mu uthengawu sindinapemphe kutsitsa. Limenelo ndi dala. Mukayamba ndi "nditsitsireni", yankho lake ndi "sizingatheke", ndipo nkhani yathera pomwepo. Mukayamba ndi kufunsa magawo a mtengo, munthuyo amayamba kufotokoza, ndipo m'kufotokozamo ndi mmene mumaona pamene pali mpata.

Za ulemu: ngati ndi munthu wamkulu kapena mwini wa bizinesi, "bambo" kapena "mayi" ndi "inu" basi, ngakhale mwazolowerana. "Achimwene" ndi "achemwali" asungireni amene mumacheza nawo kale choncho. Kuyamba kumutchula munthu "bwana wanga wamkulu" tsiku limene mukufuna kanthu, pamene masiku onse simutero, amakuonerani patali.

Ndilembe pa WhatsApp, ndiimbe foni, kapena ndipite ndekha? Ndipo ndilankhule ndi ndani?

Uthenga ndi wopempha nthawi. Kukambirana kwenikweni kuchitike pamaso, ndipo osati pa kauntala pamene pali mzere wa anthu. Palibe wamalonda amene angakutsitsireni makasitomala ena akumva, chifukwa onsewo adzafuna zomwezo. Pewani m'mawa wa Lolemba ndi kumapeto kwa mwezi. Masana a pakati pa sabata, magalimoto atanyamuka, ndi pamene anthu amakhala ndi makutu.

Dalaivala ndi mnyamata wotsitsa katundu alibe mphamvu pa mtengo, musawakalipire. Ngati mumagula ku kampani yaikulu, woimira kampani amene amakuyenderani nthawi zambiri amakhala ndi malire a kuchotsera amene sangawadumphe. Mufunseni mwaulemu kuti, "Kodi izi mungazigamule nokha, kapena ndikuthandizeni ndi kalata yoti mupite nayo kwa akuluakulu?" Musamulumphe mobisa. Akamva kuti munapita kwa bwana wake iye osadziwa, mwataya munthu amene akanakulankhulirani mkatimo.

Akangoyankha kuti "zinthu zakwera" kapena "ndi dola", nditani?

Vomerani kaye, chifukwa nthawi zambiri akunena zoona. Tirigu wambiri amene timadya kuno amachokera kunja, ndipo katundu wotere amadutsa m'madoko a Beira, Nacala kapena Dar es Salaam asanafike kufakitale. Kwacha ikagwa, mtengo wake sungakhale pomwepo. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku mabanki. Amene anali pa bizinesi masiku amenewo akukumbukira mmene mitengo inkasinthira m'mawa ndi madzulo.

Koma funso lotsatira ndi limene limathandiza: "Pa mtengo wa thumbali, gawo limene limayendera dola ndi lalikulu bwanji?" Si zonse zimene zili mu mtengo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Malipiro a antchito, lendi ya shopu ndi aganyu okweza katundu amalipidwa m'makwacha, ndipo sakwera tsiku lomwelo. Tiyerekeze kuti pa K100 iliyonse ya mtengo, K60 ndi ya zinthu zochokera kunja. Dola ikakwera ndi 44 peresenti, K60 ija ikwera ndi pafupifupi K26. Ndiye kuti mtengo wonse uyenera kukwera ndi 26 peresenti kapena kupitirira pang'ono, osati 44. Munthu amene akukweza shuga wolimidwa ku Nchalo kapena ku Dwangwa ndi mlingo wofanana ndendende ndi wa katundu wochokera kunja, n'kumati ndi dola, ayenera kufotokoza zambiri, ngakhale kuti feteleza, zipangizo za makina ndi dizilo za kumeneko nazonso zimachokera kunja.

Apa ndichenjeze pang'ono. Pa nthawi imene mabanki alibe ndalama zakunja zokwanira, ena oitanitsa katundu amazipeza pa mtengo woposa wa ku banki. Mukabwera ndi mtengo wa ku banki n'kumati "dola sinasinthe", angakusekeni mumtima. Komanso mbali ina ya nkhani yomweyo ndi yakuti ngati iye ankawerengera kale dola ya pamsika wakuseri, tsiku limene boma lagwetsa kwacha sakuyenera kukweza ndi mlingo wonsewo, popeza gawo lina analiika kale mu mtengo. Mungafunse modekha kuti, "Kodi mtengo wa mwezi watha unali utawerengera kale dola yodula ija?"

Mafuta a galimoto ndi osavuta kutsimikiza, chifukwa mitengo yake amalengeza ndi a MERA ndipo aliyense amaimva pa wailesi. Ngati thiransipoti inali K3,000 pa thumba, dizilo n'kukwera ndi 30 peresenti, ngakhale titati ndalama yonse ya thiransipoti ndi ya dizilo, sipapitirira K3,900. Kukwera kwa mafuta kungafotokoze K900 pa thumba. Sikungafotokoze K12,000.

Akandipatsa manambala, ndiwawerenge bwanji?

Ndifotokoze mmene zinandiyendera. Ndinapita Lachitatu masana. Mwini wake, bambo wachikulire, anandilowetsa mu kaofesi kumbuyo kwa matumba, n'kusolola invoisi ya ku fakitale mu kabati. Dzina la fakitale analiphimba ndi chala chachikulu, n'kundionetsa mzere wa mtengo wokha. Sindinakakamire kuona zambiri, ndipo inunso musatero. Kumene munthu amapikula ndi chinsinsi chake.

Fakitale inakweza kuchoka pa K52,000 kufika pa K59,000, kutanthauza K7,000. Thiransipoti ndi aganyu zinachoka pa K3,000 kufika pa K4,000, kutanthauza K1,000. Pamodzi K8,000. Ndinalemba m'kope iwo akuona, kenako ndinati, "Bambo, apa ndamvetsa, K8,000 iyi si yanu. Nanga K4,000 yotsalayi ikuchokera pati?"

Anakhala kaye chete, n'kuseka pang'ono. Kenako anandiuza kuti amandipatsa katundu pa ngongole ya milungu iwiri, ndipo kawiri konse fakitale inakweza mtengo ndalama yanga isanabwere, moti pokaoda anachita kuwonjezera za m'thumba. K4,000 ija, mbali ina, inali ya mantha amenewo.

Kuwerengera kwake ndi uku. Kale thumba linkawafikira pa K55,000, iwo n'kugulitsa K60,000. Phindu lawo linali K5,000, pafupifupi 9 peresenti ya ndalama imene alowetsa. Tsopano likuwafikira pa K63,000. Sichikanakhala chilungamo kuwauza kuti phindu likhalebe K5,000, chifukwa akulowetsa mpamba wochuluka pa thumba lomwelo, ndipo K5,000 ya lero sigula zimene inkagula kale. Mukasunga 9 peresenti yomweyo pa K63,000, phindu likhala pafupifupi K5,700, mtengo n'kukhala cha m'ma K68,700. Pa K72,000 phindu lawo linali K9,000. Choncho malo okambirana anali pakati pa K68,000 ndi K72,000, osati pakati pa K60,000 ndi K72,000. Kudziwa zimenezi kunandithandiza kuti ndisapemphe chosatheka.

Katundu amene ali m'shopu anagulidwa pa mtengo wakale. Bwanji akumugulitsa pa mtengo watsopano?

Funso limeneli ndi limene limapsetsa mtima anthu ambiri, ndipo nanenso linkandiwawa mpaka nditawerengera. Tiyerekeze kuti ali ndi matumba 100 akale. Akawagulitsa pa K60,000 apeza K6,000,000. Akapita kukaoda pa K63,000 thumba, ndalama yonseyo igula matumba 95 okha, asanalipire lendi kapena wantchito. Wagulitsa zonse, koma mpamba wake wachepa. Ndi chimodzimodzi inu mukamakweza sikono lero ngakhale mwaphika ndi fulawa wa sabata yatha.

Ndiye musamunene kuti ndi wakuba. Koma pali chimene mungapemphe, ndipo ambiri amavomera: oda imodzi yomaliza pa mtengo wakale, kapena pa mtengo wapakati, kuti mupeze masiku owadziwitsa makasitomala anu. Ngati munaoda kale ndipo anakupatsani kotesheni kapena munalipirako mtengo usanasinthe, pamenepo limbani mwaulemu: "Oda iyi tinagwirizana Lachisanu pa K60,000, ndikupempha ibwere pa mtengo umenewo. Yotsatira tikambirana." Mawu amene anaperekedwa kale si nkhani yonenerera.

Ndingamupatse chiyani kuti avomere kukweza pang'ono?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kupempha chifundo kumagwira kamodzi. Chimene chimakhalitsa ndi kumuchotsera sapulaya ndalama kapena nkhawa imene inali mkati mwa mtengowo. Ndiye mverani bwino chimene chikumuwawa, n'kupereka chimenecho.

Kwa ine chinali ngongole. Ndinati, "Nanga nditamalipira tsiku lomwelo katundu akafika, komanso nditamatenga matumba 20 pa 1 ndi matumba 20 pa 15 mwezi uliwonse, m'malo mwa timatumba tisanutisanu tsiku lililonse ndikafuna, mungandipatse pa zingati?" Kwa iwo zimenezi zinatanthauza ndalama yolowa msanga, maulendo awiri a galimoto m'malo mwa asanu ndi atatu, komanso kudziwiratu kuchuluka koti aode ku fakitale. Ndinatchula K67,500, iwo anati K69,500, tinakumana pa K68,500 kwa miyezi iwiri. Kukwera kunatsika kuchoka pa 20 peresenti kufika pa 14, ndipo pa matumba 40 ndinapulumutsa K140,000 pa mwezi.

Musalonjeze chimene simungakwanitse. Matumba 20 pa K68,500 ndi K1,370,000 ya kashi tsiku limodzi. Ndisanatsegule pakamwa ndinali nditaona kale kuti ndalama imeneyo ndingaipeze, komanso kuti ndili ndi chipinda chouma chokhala ndi mapaleti, chifukwa fulawa wokhala pa simenti amakoka chinyontho ndipo anankafumbwe sachedwa. Kulonjeza kashi n'kulephera ulendo wachiwiri kumakusiyani poipa kuposa poyamba.

Kukatenga nokha katundu kumaoneka ngati njira yachangu, koma werengerani. Iwo anati ndikamakatenga ndekha andichotsera K4,000 ya thiransipoti. Nditafunsa mwini pikapu, ulendo wa matumba 20 pamodzi ndi aganyu unali K70,000, kutanthauza K3,500 pa thumba. Ndikanapulumutsa K500 yokha pa thumba, thumba long'ambika panjira kapena lonyowa ndi mvula n'kukhala langa. Ndinakana. Amene ali ndi galimoto yake imene imabwerera yopanda kanthu, kwa iye masamu ndi ena.

Ngati ndinu wamng'ono, wa matumba atatu kapena anayi, gwirizanani ndi anzanu awiri atatu a dera limodzi, muode pamodzi, galimoto itsitse pa malo amodzi. Koma musankhiretu amene azisonkhanitsa ndalama, ndipo aliyense apereke yake oda isanapite.

Nditchule ine mtengo, kapena ndidikire kuti ayambe iye?

Iye watchula kale, ndi K72,000 ija. Ndi nthawi yanu. Tchulani nambala imodzi yokhala ndi chifukwa, yotsikirako pang'ono kuposa pamene mukufuna kuthera. Mukatchula, khalani chete. Ambiri timaopa bata, ndiye timayamba kudzikwezera tokha, "kapena 69, kaya 70", munthu asanayankhe n'komwe.

Nanga mtengo pawokha ukakanika kutsika, pali china chopempha?

Chilipo. Mungapemphe kuti kukwerako kubwere m'magawo awiri, theka mwezi uno, theka mwezi wamawa, kuti makasitomala anu asadzidzimuke. Mungapemphe kuti azikudziwitsani sabata imodzi kapena ziwiri mtengo usanasinthe. Mungapemphenso banyira, monga thumba limodzi pa matumba 25 aliwonse, lomwe ndi pafupifupi 4 peresenti. Opikulitsa ena amakonda njira imeneyi kuposa kutsitsa, chifukwa mtengo wolembedwa pa lisiti umakhala wofanana kwa onse ndipo palibe amene angabwere kudzadandaula kuti mnzake anagula motchipa.

Kodi ndimuuze kuti kwina ndapeza motchipa?

Ngati n'zoona, inde, koma ngati chidziwitso, osati chiopsezo. "Ndafunsako kwina, andiuza K67,000 wobweretsa. Ine ndingakonde kukhalabe kuno chifukwa simunandigwiritsepo fuwa la moto. Mungafike pafupi ndi pamenepo?" Ngati si zoona, musayerekeze. Opikulitsa a m'tauni imodzi amapikula ku mafakitale omwewo ndipo amadziwa mitengo ya anzawo. Mukanama, angokuuzani kuti, "Pitani mukagule komweko," inu n'kusowa kolowera.

Ndipo mtengo wotsika wa kwina uyeseni bwino. Wina amatchipa mwezi woyamba kuti akukopeni. Wina amatchipa koma katundu akasowa m'tauni foni yake siyankhidwa. Sapulaya amene amakusungirani matumba asanu pa nthawi ya kusowa ndi woyenera K1,000 yapamwamba, chifukwa tsiku limodzi lopanda kuphika limadya zoposa pamenepo. Chimene ndimachita ine ndi kutengako pang'ono kwa wachiwiri mwa apo ndi apo, kuti khomo limenelo likhale lotsegula.

Ndili naye ngongole. Ndinganenerere?

Kaperekeni kaye, ngakhale theka, ndipo munene tsiku lenileni lomalizira. Kupempha kutsitsiridwa muli ndi ngongole yodutsa nthawi kumamveka ngati mukupempha kawiri. Ngongole yanuyo mwina ndi imodzi mwa zifukwa zimene wakwezera.

Ndingadziwe bwanji kuti zimene akundiuza si zoona, kapena kuti kutsitsako ndi kwa pakamwa chabe?

Chifukwa chikamasinthasintha, pali kanthu. Lero ati ndi dola, mawa ati ndi dizilo, mkuja ati ndi msonkho, koma nambala ya chilichonse satchula. Chizindikiro china ndi chakuti iye yekha ndi amene wakweza kwambiri pamene anzake ogulitsa katundu yemweyo akweza pang'ono. Akati ndi msonkho, onani pa lisiti ngati mzere wa VAT wasinthadi, ndipo kumbukirani kuti kusintha kwa misonkho kumalengezedwa ndi boma ndi a MRA poyera.

Mukagwirizana, yang'anirani katundu woyamba kufika. Ikani matumba awiri kapena atatu pa sikelo dalaivala ali pomwepo. Thumba la makilogalamu 50 likamalemera 48, mwalandidwa 4 peresenti mwakachetechete. Onani chizindikiro cha pa thumba ngati ndi mtundu womwe munagwirizana, ndi tsiku lotha ntchito. Wophika amadziwa msanga: fulawa wofooka samwa madzi mofanana ndi wabwino, mtanda sufufuma bwino, ndipo thumba limatulutsa masikono ochepa. Ine ndimalemba chiwerengero cha masikono a thumba lililonse, ndipo nambala imeneyo ndi imene imandiuza mtengo weniweni. Onaninso ngati pa invoisi sipanabwere mzere watsopano wa "kubweretsa katundu" umene kale panalibe.

Mukapeza cholakwika, musayambe ndi kunena kuti akuberani. Jambulani sikelo, tumizani chithunzi, n'kulemba kuti, "Bambo, matumba awiri alemera 48, mwina pachitika vuto popakira. Tikonze bwanji?" Kayankhidwe kake kadzakuuzani ngati inali ngozi kapena dala.

Akakana zonse, nditani? Kodi pali kokadandaula?

Thokozani chifukwa cha nthawi yake, n'kufunsa kuti, "Tingadzaonenso nkhaniyi pakatha mwezi?" Musamenyetse chitseko. Kukana kwina ndi koona: phindu lake ndi laling'ono kale ndipo alibe potsikira. Zikatero ntchito yatsala kwa inu, kuwerengera mtengo wa sikono lanu mwatsopano, kapena kugawa oda pakati pa opikulitsa awiri.

Kukweza mtengo pakokha si mlandu. Mitengo ya katundu wambiri m'dziko muno sikhazikitsidwa ndi boma monga zimakhalira ndi mafuta a galimoto ndi magetsi. Koma ngati muli ndi umboni woti ogulitsa apangana kuti onse akweze mofanana, kapena akubisa katundu kuti asowe n'cholinga chokweza, kapena akukakamizani kugula chinthu china kuti akugulitseni chimene mukufuna, zimenezo zimapita ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe ambiri amangoliti CFTC. Za masikelo onama ndi katundu wosakwana kulemera amaona ndi a Malawi Bureau of Standards. Sungani malisiti ndi mauthenga. Koma musatchule mabungwewa pokambirana ngati chikwapu. Mukangowatchula, kukambirana kwatha.

Tikagwirizana, pakufunika kalata?

Uthenga wa pa foni ndi wokwanira, bola utumizidwe tsiku lomwelo ndipo iye ayankhe. Pakamwa pamaiwala, ndiponso amene amalemba invoisi nthawi zambiri si amene munakambirana naye. Wanga unali wotere:

"Zikomo kwambiri, bambo, chifukwa cha nthawi yanu lero. Ndingobwereza zimene tagwirizana kuti ndisalakwitse: fulawa wa makilogalamu 50, mtundu womwe uja, K68,500 thumba, wobweretsa ku bekale. Matumba 20 pa 1 ndi matumba 20 pa 15, ndizilipira tsiku lomwelo katundu akafika. Mtengowu ukhala kwa miyezi iwiri. Fakitale ikakweza mkati mwa nthawiyi mundidziwitsa sabata imodzi isanafike oda, ndipo tidzawonjezera ndalama yokhayo imene fakitale yakweza. Ikatsitsa, tidzatsitsanso chimodzimodzi. Ngati ndalemba bwino, chonde ndiyankheni kuti ndi choncho."

Mzere wa kutsitsawo musauiwale. Ambiri timakumbukira kudziteteza pa kukwera kokha, mitengo ikadzatsika ku fakitale n'kupitiriza kulipira wakale kwa miyezi. Anandiyankha madzulo omwewo ndi mawu atatu, "Ndi choncho, mayi," ndipo uthengawo ndinautumizanso kwa mtsikana wawo wolemba mainvoisi, kuti pa 1 galimoto ikamanyamuka pepala likhale ndi K68,500.